Chaka Chimene Mkono wa Ada Unakana

Kwaya yathu inkaweruzidwa ndi mkono. Aphunzitsi a kwayayo, amene tonse tinkangowatchula kuti ada monga anenera Atonga polemekeza bambo, anali ndi mwambo wawo. Nyimbo tikaiphunzira kwa masabata angapo, iwo ankamasula batani la malaya, n'kupinda mkono wamanja mpaka pachigongono, n'kuutambasula kutsogolo kwathu. Tikaimba, khungu lija likachita tsemwe, ankati, “Mkono wavomera,” ndiye kuti nyimboyo yapsa, Lamulungu tikaimba. Likapanda kuchita, tinkabwereza mpaka pakhosi pouma. Kwa iwo tsemwe silinali za thupi ayi. Ankati ndi Mzimu umene wadutsa, ndipo Mzimu sudutsa pamene pali zonyansa.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kunyanja kudzaphika pa loji ina ya alendo kufupi ndi Kande, ndipo ndinalowa kwaya chifukwa chosowa anthu ocheza nawo. Chitonga ndinachiphunzirira m'nyimbo, molakwalakwa, anzanga akundiseka. Ndinakhala m'kwayamo zaka zambiri ndi chinsinsi changa. Nyimbo ikafika pokoma, amayi onse ankasisita mikono yawo n'kumaonetsana, “Taonani ine, taonani ine!” Nanenso ndinkasisita wanga, koma pansi pa chitenje. Chibadwire changa nyimbo inali isanandichititsepo tsemwe. Ndimaikonda nyimbo, nthawi zina mpaka misozi, koma khungu langa limangokhala see ngati mbale. Ndikanauza ndani? Mlendo wa Chitonga chothyoka, ndiye awonjezerepo kuti Mzimu umamulambalala?

Amene ankadzutsa mkono wa ada anali mtsikana wina wa m'mudzi momwemo, mwana wa msodzi. Mawu ake anali opyapyala koma akuthwa. Panali nyimbo ina imene ada anapeka okha, ya asodzi amene anagwira ntchito osapha kanthu. Pakati pake abambo a besi ankatsika, kutsika, kenako tonse zii, ngati nyimbo yatha. Ndiye mtsikanayu ankalowa yekha, pamwamba penipeni, ife n'kumutsatira tonse pamodzi. Pamenepo mkono wa ada unkachita ngati chikopa cha nkhuku yososola.

Mtsikanayu ndine ndinamupezera ntchito yokonza m'zipinda pa loji pathu, chakumapeto kwa Febuluwale. Mwezi womwewo mayi a kunyumba kwa ada, amene ankaimba alito pafupi ndi ine, anamwalira atadwala masiku ochepa. Kwaya inapuma. Titayambiranso pambuyo pa Isitala, ada anabwera malaya atasitidwa bwino monga kale, anatipatsa moni monga kale, ndipo tonse tinati bamboyu ndi wolimba mtima. Tinaimba ya asodzi ija. Anatambasula mkono. Palibe chinachitika.

Sabata yotsatira chimodzimodzi. Inanso chimodzimodzi. Tinaibwereza nyimbo ija mpaka inayamba kutinyansa ngati ndiwo za dzana. Ada anayamba kumvetsera ndi nkhope yokwinya, akuwerenga ndi chala, kufuna pamene talakwitsa. Sanapapeze. Ndiye tsiku lina anatsitsa mkono n'kunena mwa Chichewa, kuti ngakhale ife alendo timve bwino.

“Nyimbo ilibe vuto. Vuto lili mwa munthu. Muli kanthu muno.”

Sanatchule dzina, koma anthu sasowa poloza. Chinasintha n'chiyani kuchokera nthawi imene mkono unkavomera? Mtsikana uja anayamba ntchito kuloji. Ndipo atsikana a kuloji amanenedwa kale m'midzi ya kuno, kuti amalowa m'zipinda za azungu, ndipo ndani akudziwa zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa. Ine ndinkadziwa zimene zimachitika: amayalula mabedi ndi kukwecha zimbudzi mpaka manja kusupuka. Koma manong'onong'o anayenda pachitsime, pamadzi oviika chinangwa, mpaka anakafika kwa makolo a mnyamata amene ankafuna kumukwatira.

Apa ndiye panali poopsa. Ukwati wawo unali utalengezedwa kale kamodzi m'tchalitchi. Ada sanali aphunzitsi a kwaya chabe, analinso mkulu wa mpingo. Akanatengera dzina la mtsikanayo ku bwalo la akulu, kulengeza kukanaima kudikira kufufuza, ndipo apongozi ake anali atanena kale poyera kuti mwana wawo sakwatira mkazi wa mlandu. Kufufuzako kukanatha kumuyeretsa, koma mbiri ikaipa sichapika.

Lachitatu lina ada anamuitana pambali, ine ndili chapafupi.

“Mwana wanga, Loweruka uimbanso. Mkono ukakana, ine ndilibe kuchitira mwina. Nkhani ipita kwa akulu.”

Mtsikana uja anangoti, “Yewo, ada,” atagwada. Mawa lake ndinamupeza m'chipinda chosungira nsalu pa loji, atakhala pansi, mapilo ali pamiyendo, akulira mopanda mawu.

“Amama, ndichite chiyani? Ndikuimba monga ndimaimbira. Kodi khungu la munthu wina ndingalilamule ine?”

Mtima unandipweteka, ndipo ndinapsa mtima kwambiri, makamaka ndi ine mwini. Ntchito ija ndinamupezera ndine. Komanso yankho la funso lake ndinali nalo pansi pa chitenje changa zaka zonsezi.

Mu kwaya mwathu munali bambo wina wa besi, wochokera ku Mulanje, wogwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Tinkawatcha adokotala ngakhale iwo ankakana kuti sanafike pamenepo. Lachisanu masana ndinapempha kuchoka kukhichini, ndinakawapeza akudya chinangwa chophika kuseri kwa chipatala. Sindinazungulire.

“Adokotala, tsemwe limabwera bwanji?”

Anandiyang'ana, anadziwa kumene ndikupita. Anatambasula mkono wawo.

“Mayi, patsinde pa kaubweya kalikonse apa pali kamnofu kakang'ono. Kakakoka, kaubweya kamaima, khungu n'kutukuka. Simukalamula inu. Imakalamula ndi mitsempha yomwe ija imathamangitsa mtima mukadzidzimuka. Munaonapo mphaka akakumana ndi galu, mmene ubweya umaimira? Kapena kukazizira? Kwa nyama zaubweya wambiri zimathandiza, zimafunda, zimaoneka zazikulu. Ife ubweya unatithera, tinangotsala ndi tsemwelo.”

“Nanga nyimbo ikukhudzana bwanji ndi mphaka?”

“Mukamamvera nyimbo, mutu umakhala ukulosera chimene chikubwera. Taganizani ya asodzi ija. Ife a besi timatsika, kenako zii. Thupi limadikira. Ndiye mwana uja amalowa pamwamba mwadzidzidzi, tonse n'kukhuthuka pambuyo pake. Pamenepo pali kudzidzimuka pang'ono, pali kukoma kwakukulu, zonse nthawi imodzi, ndipo mitsempha ija imayankha. Mawu a mlaliki amathanso kutero akakufika pamtima. Nyimbo ikakukumbutsa munthu kapena nthawi ina, ndiye kwambiri.”

“Aliyense?”

“Ayi. Ena kawirikawiri, ena mwa apo ndi apo, ena sizimawachitikira n'komwe. Zikuoneka kuti amene amamira mu nyimbo ndi mtima wonse ndiwo zimawagwira msanga, koma chifukwa chake chenicheni ophunzira akufufuzabe. Si nkhani yakuti uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa.”

Ndinamva ngati anditula mtolo wa nkhuni, koma sindinaonetse. Ndinafunsa chifukwa chimene mkono wa ada unasiyira.

“Sindinawapime, ndiye ndisaname. Koma munthu womvera nyimbo ngati wapolisi wofuna wakuba samira nayo. Ndipo chisoni chikakhazikika, zinthu zimene zinkakoma zimatha kuzizira, chakudya, nyimbo, zonse. Bambo aja aika maliro a mkazi wawo chaka chomwechino.”

“Ndiye mukawauze mawa.”

Apa adokotala anayang'ana chinangwa chawo. Anati iwo ndi mlendo ngati ine, ndipo kuuza mkulu wa mpingo pamaso pa kwaya yake kuti Mzimu wake ndi timinofu n'kuputa mavu. Anati mwina adzalankhula nawo paokha, nthawi yabwino ikapezeka. Ndinawauza kuti nthawi yabwinoyo idzapeza ukwati utafa kale. Ndinanyamuka osatsanzika bwino. Koma m'njira mawu amodzi anandikakamira m'mutu: kukazizira.

Unali mwezi wa Juni, mwera ukuomba kuchokera kunyanja, asodzi ambiri atakokera mabwato kumtunda. Tchalitchi chathu mazenera ake a mbali ya kunyanja timatseka nyengo imeneyi, chifukwa mphepo imaulutsa mapepala a nyimbo. Ada ankaima nthawi zonse pafupi ndi zenera lachiwiri. Loweruka ndinafika msanga, ndisanadye n'komwe, ndinamasula chotsekera cha zenera limenelo n'kulisiya longogunditsa. Ndinadziuza kuti si bodza, ndi mphepo ya Mulungu yemweyo.

Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena oti kwaya anaisiya kalekale. Mayi ake a mnyamata uja anakhala pa benchi yakumbuyo, atapinda manja, ati angodutsa. Mtsikana uja anaima patsogolo pathu. Ada anapemphera mwachidule, anamasula batani, anapinda malaya, anatambasula mkono.

Tinayamba. Ine mawu ankatuluka okha, maso ali pa zenera. Silinasunthe. Vesi yoyamba inatha. Abambo a besi anayamba kutsika. Mumtima ndinkakalipira mphepo ngati mwana wochedwa kumunda. Kenako, tili pafupi ndi pa zii paja, mwera unakankha, zenera linatseguka, mphepo yozizira inalowa n'kupeza mkono uli pamtunda. Mtsikana analowa pamwamba. Ndipo khungu la ada linachita tsemwe, tonse tikuona.

“Wavomera!” anakuwa mayi wina. Ena anayamba kululutira. Mtsikana anagwira pakamwa.

Ada sanasekerere. Anayang'ana mkono wawo nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kuyang'ana zenera.

“Ili ndi tsemwe la mphepo,” anatero. “Ndine mwana wa kunyanja, ndimalidziwa. Lija limayambira m'kati, limakwera msana. Ili langogwira khungu. Tsekani zenera. Tiyambirenso.”

Mnyamata wina woimba tena anakatseka, n'kunena kuti chotsekera chinali chomasula. Ada anafunsa kuti wamasula ndani. Ndinaona maso a anthu akupita kwa mtsikana uja. Ndinali nditamuwonjezera mlandu wachiwiri, wachinyengo, pamwamba pa woyamba.

Tinaimbanso. Kunena zoona, mwana uja sanaimbepo bwino ngati ulendo umenewo. Anaimba ngati munthu amene akumira. Amayi awiri pafupi nane ankasisita mikono. Koma mkono umene unali ndi mlandu unangokhala see. Nyimbo inatha. Kumbuyo kuja, mayi a mnyamata anaimirira n'kuyamba kumanga chitenje.

Ada anatsegula pakamwa kuti agamule. Ine ndinalankhula iwo asanayambe, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mphamvuzo ndinazitenga kuti.

“Ada, pepani. Zenera ndamasula ndine.”

Onse anatembenuka. Ndinatuluka pamzere, ndinachotsa chitenje chimene ndinkafunda, ndinatambasula mikono yonse iwiri.

“Taonani mikono iyi. Ndaimba muno zaka zonsezi, ndipo sinachitepo tsemwe ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkasisita pansi pa nsalu kuti mundiyese mnzanu. Nthawi yonse imene mkono wanu unkavomera, ine ndinali pompano, wouma chonchi. Ngati tsemwe ndi umboni, yambani ndi ine kupita nane kwa akulu. Mwanayu ndimagwira naye ntchito. Chimene amachita m'zipinda muja ndi kukwecha zimbudzi.”

Wina kumbuyo anati, “Hii, amayi a ku Ntcheu!” Nkhope yanga inatentha ndi manyazi. Ndinayang'ana adokotala, ndipo mwina diso langa linali loopsa, chifukwa anakhosomola n'kutuluka pamzere nawonso. Analankhula mwaulemu, manja ali kumbuyo. Sanatchule mphaka, anachita bwino. Anangoti thupi la munthu aliyense limayankha nyimbo mosiyana, ndipo tsemwe limanena za womvera, osati za woimba. Anati Mulungu akhoza kugwiritsa ntchito khungu ngati afuna, iwo sangatsutse, koma khungu lomwelo limayankhanso mphepo, monga taonera tonse. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

“Ada, mundikhululukire. Chiyambire mwezi wa Febuluwale, pali nyimbo ina iliyonse imene yakuchititsani tsemwe? Ya pa wailesi, ya kwaya ina, ya mpingo wonse Lamulungu?”

Mkono wa ada unali udakali wotambasula, ngati auiwala. Mumtima ndinati basi, tonse atatu tapita. Munthu amene wamanga kwaya ndi mkono wake kwa zaka zochuluka chotero, ndiye timuuze pagulu kuti mkonowo ndi umene ukudwala? Mayi a mnyamata anali ataima pakhomo, mwendo umodzi kunja.

“Palibe,” anatero ada potsiriza.

Anatsitsa mkono. Anayang'ana mzere wa alito, pamalo pamene panali pafupi ndi ine. Tinali tisanatsekepo mpata umenewo, tinkangousiya osauzana.

“Palibe ndi imodzi yomwe. Kondowole ndimangomeza, sindimva kukoma. Nyimbo iyi ndinaipeka pakhonde, malemu mayi anu akusenda chinangwa. Pa zii paja ndi iwo anandiuza kuti ndiikepo, ine ndinkafuna kupitiriza. Anati asodzi akabwera opanda kanthu salankhula. Tsiku lililonse tikafika pamenepo, ine sindimvera mwanayu ayi. Ndimamvera alito, kudikira mawu amene kulibe. Ndimadziwa kuti kulibe, koma khutu limapitabe.”

Anapuma. Kenako anapitiriza.

“Ndinaopa kuti Mulungu wandichoka. Ndiye ndinati bola akhale kuti wachoka chifukwa cha munthu wina.” Anatembenukira kwa mtsikana uja. “Mwana wanga, ndakulakwira. Ndinafuna kukusenzetsa maliro anga.”

Ndi pamenepo pamene zinandichitikira. Zinayambira kumbuyo kwa khosi, ngati wina wandithira madzi ozizira pang'ono, zinatsika msana, zinafalikira m'mapewa mpaka m'mikono. Mtima unagunda. Zenera linali lotseka, ndinaliyang'ana kuti nditsimikize. Nditayang'ana pansi, mikono yanga, yomwe ija ndinali nditangoilumbirira pamaso pa anthu, inali itachita tsemwe kuyambira pachigongono mpaka padzanja.

Ndinafuna kukuwa. Zaka zonse zija ndinkalakalaka kuti tsiku lina nanenso ndidzati, “Taonani ine!” Mayi wa pambali panga akanaona, akanakuwa m'malo mwanga kuti Mzimu wafika, wagwira ngakhale wouma uja, ndipo pofika Lamulungu nkhani ikanakhala yakuti khungu silinama. Mkono ukanabwerera pa mpando wake woweruza, kudikira mtsikana wina. Ndinatola chitenje changa msangamsanga n'kufunda mpaka m'manja.

Ada anatsitsa mkono wa malaya awo pang'onopang'ono. Batani linawavuta, ndipo mtsikana uja, akulirabe, anayandikira n'kuwamangira. Kenako iwo anakweza mawu kuloza kukhomo, mwa Chitonga, kuwauza mayi a mnyamata kuti asapite, akhale pansi, amve mmene mpongozi wawo amaimbira. Mayi aja anazengereza, koma anakhala, pa benchi yomweyo yakumbuyo.

Tinaimba kachitatu, mkono uli m'malaya. Titamaliza ada anangoti, “Yapsa. Mawa tiimba.” Mawa lakelo ukwati unalengezedwa kachiwiri.

Potuluka tsiku lija, mayi wa pambali panga anandigwira paphewa, wachisoni ndithu.

“Ndiye inu amama, ngakhale mawu a ada aja, osamva kalikonse?”

Ndinakokera chitenje pamikono.

“Kalikonse,” ndinatero.